Chikasu cha khanda: vuto la magulu a ABO ndi la Rh, ndi njira zothandizira mwana

Mayi amene magazi ake anapezeka kuti ndi a gulu la O pozitivu nthawi zambiri amauzidwa kuti alibe vuto, chifukwa vuto limene anthu amaliopa ndi la amayi a negetivu. Mawuwo ndi oona pa nkhani ya Rh yokha, chomwe ndi chizindikiro cha pa maselo ofiira chosiyanitsa magazi a pozitivu ndi a negetivu. Pa nkhani ya magulu a A, B ndi O, mayi wa O ndiye amene mwana wake angathe kugwidwa ndi chikasu choyamba msanga, ngakhale pa mimba yoyamba. Mavuto awiriwa amafanana pa chinthu chimodzi: asilikali a m'magazi a mayi amadutsa pa nsengwa n'kukaphwanya maselo ofiira a magazi a mwana. Kupatula apo, amasiyana pa nthawi imene amayamba, pa kukula kwa ngozi, ndi pa zimene munthu angachite. Vuto la Rh limapewedwa ndi jakisoni lisanayambe. La ABO lilibe jakisoni, ndipo chimene chimapulumutsa mwana ndi kuliona m'maola oyambirira.

Chimene chimachitika m'magazi

Maselo ofiira akaphwanyika, amatulutsa chinthu chachikasu chotchedwa bilirubini. Mwana akadali m'mimba, bilirubiniyo amadutsa pa nsengwa ndipo chiwindi cha mayi ndicho chimamuchotsa. Mchombo ukangodulidwa, ntchito yonse imagwera chiwindi cha khanda, chomwe chimakhala chisanakhwime. N'chifukwa chake makanda ambiri, pafupifupi 6 mwa 10 aliwonse obadwa atakwana masiku, amakhalako achikasu pang'ono m'sabata yoyamba. Chikasu chabwinobwinochi chimaoneka pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, chimafika pachimake cha m'ma tsiku lachinayi kapena lachisanu, kenako chimatha chokha sabata ziwiri zisanakwane. Koma ngati pali chinthu chimene chikuphwanya maselo mwachangu, bilirubini amachuluka kuposa mmene chiwindi chingathere, ndipo akapitirira muyeso amalowa mu ubongo.

Munthu wa gulu la O amakhala ndi asilikali olimbana ndi gulu la A ndi la B kuyambira ali wamng'ono, osafunika kuti anayamba wathiridwapo magazi kapena kutengapo mimba. Anthu a gulu la A kapena la B nawonso amakhala ndi asilikali otere, koma awo ambiri ndi a mtundu waukulu umene sungathe kudutsa pa nsengwa. Mayi wa O ali ndi ena a mtundu waung'ono umene umadutsa. Apa ndi pamene pachokera mfundo yakuti vutoli ndi la mayi wa O wobereka mwana wa A kapena B. Mayi wa A wobereka mwana wa B sizimamuchitikira kawirikawiri, ndipo mayi wa AB sizimamukhudza n'komwe.

Gulu la mwana limadalira bambo ake. Ngati mayi ndi bambo onse ndi a O, ana onse amakhala a O ndipo nkhaniyi imathera pomwepo. Ngati bambo ndi a B, mwana akhoza kukhala wa B kapena wa O, kutengera zimene bambowo anatenga kwa makolo awo. Choncho m'banja limodzi mwana woyamba akhoza kugonekedwa ku nazale chifukwa cha chikasu, wachiwiri n'kubadwa wopanda vuto lililonse, wachitatu n'kudwalanso. Kuno kwathu pafupifupi theka la anthu ndi a gulu la O, ndiye mimba za mayi wa O ndi mwana wa A kapena B ndi zambirimbiri. Ubwino wake ndi wakuti ambiri mwa ana amenewa sadwala kwenikweni. Zizindikiro za A ndi B zimene asilikali amamenya pa maselo a khanda zimakhala zisanakhwime, komanso zimapezeka m'ziwalo zina za thupi zomwe zimagwira asilikali ambiri asanafike pa maselo ofiira.

Vuto la Rh limayenda mwanjira ina. Mayi wa Rh negetivu sabadwa ndi asilikali olimbana ndi Rh. Thupi lake limayamba kuwapanga pokhapokha magazi a pozitivu atalowa m'magazi ake, ndipo izi zimachitika makamaka pobereka, komanso popita padera, pochotsa mimba, mimba ikakhala kunja kwa chiberekero, potaya magazi ali woyembekezera, kapena akathiridwa magazi osagwirizana. Ndiye mwana woyamba nthawi zambiri amapulumuka, koma wachiwiri wa pozitivu akhoza kupeza asilikali atakonzeka kale, ndipo zikatero wachitatu zimatha kumuipira kuposa wachiwiri. Chizindikiro cha Rh chimapezeka pa maselo ofiira okha ndipo chimakhala chokhwima mwana akadali m'mimba, choncho asilikali onse amalunjika pamenepo. Mwana amatha magazi asanabadwe, mtima umatopa, thupi limatupa ndi madzi, ndipo ena amafera m'mimba. Pa vuto la ABO zoterezi sizichitika kawirikawiri. Mwana amabadwa wooneka bwino, ndipo vuto limayamba atabadwa.

Amayi a Rh negetivu ndi ochepa kwathu kuno, ochepera ndithu poyerekeza ndi ku Ulaya komwe amafika pafupifupi 15 mwa anthu 100. Kuchepa kumeneku kuli ndi kuipa kwake: mayi wa negetivu amatha kubereka kawiri asanayezedwe gulu, ndipo magazi a negetivu akafunika mwadzidzidzi amasowa.

Jakisoni wa anti-D amathandiza ndani

Jakisoniyu anayamba kugwiritsidwa ntchito cha m'ma 1968. Amaperekedwa kwa mayi wa Rh negetivu amene thupi lake silinayambe kupanga asilikali, pasanathe maola 72 chiberekere mwana wa pozitivu, kapena chichitikire chimodzi mwa zinthu tatchula zija. Kumene alipo wokwanira amaperekanso mimba ikafika masabata 28. Ntchito yake ndi kuchotsa maselo a mwana amene alowa m'magazi a mayi thupi lisanawazindikire. Ngati asilikali anapangidwa kale pa mimba yam'mbuyo, jakisoni sangawafafanize, ndipo chotsala ndi kuyang'anira mimbayo ku chipatala chachikulu. Amafunika pa mimba iliyonse, osati kamodzi kokha.

Kwa mayi wa O pozitivu jakisoniyu alibe ntchito. Makolo ena amene mwana wawo woyamba anadwala chikasu cha ABO amafunafuna anti-D m'mafamase ndi ndalama zambiri, poganiza kuti ateteza wachiwiri. Ndalamazo ndi bwino kuzisungira thiransipoti yobwerera kuchipatala tsiku lachitatu. Mayi wa O negetivu makamaka ndiye amene mavuto onse awiri angamukhudze. Chodabwitsa n'chakuti ngati mwana wake ndi wa A kapena B, kusagwirizana kwa ABO kumamutetezako pang'ono ku vuto la Rh, chifukwa asilikali ake amaphwanya maselo a mwana asanayambitse vuto linalo. Chitetezo chimenechi si chokwanira, ndipo jakisoni amafunikabe.

Kudziwa kuti ndi vuto liti

Chizindikiro chachikulu ndi nthawi. Chikasu chilichonse chooneka maola 24 asanakwane chibadwire mwana si chabwinobwino, ndipo chimafuna kuyeza magazi tsiku lomwelo. Pa khungu lakuda chikasu chimabisala, ndiye muyang'ane poyera m'maso, nkhama, ndipo musindikize chala pamphuno kapena pachipumi n'kuona mtundu umene ukutsala mukachotsa chalacho. Muchite zimenezi panja kapena pakhomo masana, osati pa kuwala kwa babu kapena tochi. Chikasu chimayambira kumutu n'kumatsika. Chikafika m'zikhatho ndi kunsi kwa mapazi ndiye kuti chakwera kwambiri, mwana akhale ndi masiku angati. Mwambo wa chikuta uli ndi ngozi yake pamenepa, chifukwa mwana amakhala m'nyumba yamdima, atakulungidwa, m'masiku omwe bilirubini amakwera. Mwambowo ukhoza kusungidwa, bola mwana azivulidwa ndi kuonedwa powala kawiri pa tsiku.

Maso okha sangayeze bilirubini. Ku labu amayeza gulu la mayi ndi la mwana, kuchuluka kwa bilirubini, kuchuluka kwa magazi a mwana, ndipo kumene zingatheke amachita mayeso a Coombs, oona ngati asilikali a mayi akakamira pa maselo a mwana. Pa Rh mayesowa amatuluka mwamphamvu osasiya chikaiko. Pa ABO amatha kutuluka mofooka, kapena osaonetsa kanthu ngakhale mwana akudwaladi. Wa ku labu akayang'ana magazi pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, pa ABO amapeza maselo ambiri ang'onoang'ono obulungira, zomwe siziwoneka kwambiri pa Rh.

Pali msampha wina. Popeza mayi wa O ndi mwana wa B ndi chinthu chofala, n'kosavuta kunena kuti chikasu chachokera pamenepo pamene gwero lake ndi lina. Mwana wotentha thupi kapena wozizira, wofooka, wonunkha pamchombo, akhoza kukhala ndi matenda a m'magazi ofuna mankhwala a jakisoni. Ana ambiri aamuna m'dera lathu amabadwa ndi vuto la G6PD, lomwe limachititsa maselo kuphwanyika akakumana ndi zinthu zina, monga timibulu toyera tonunkha timene anthu amaika m'masutikesi a zovala pothamangitsa njenjete. Chotupa cha magazi pamutu chobwera pobadwa nachonso chimakweza bilirubini.

Chitsanzo

Tiyerekeze mayi wa O pozitivu amene wabereka mwana wake woyamba, wolemera makilogalamu 3, wokwana masiku. Pa maola 18 namwino akuona kuti m'maso mwa mwana muli chikasu. Bilirubini akutuluka 9 mg/dL, ndipo mwana ndi wa gulu la B. Nambala 9 payokha si yoopsa. Ikanapezeka pa tsiku lachinayi, mwanayo akanangopita kunyumba. Pa maola 18 ikutanthauza kuti maselo akuphwanyika, ndipo malangizo a bungwe la WHO amati chikasu chooneka tsiku loyamba chiyambidwe kuunikidwa ndi magetsi a buluu otsitsa bilirubini nthawi yomweyo, osadikira nambala ina.

Tinene kuti patapita maola 6 ayezanso n'kupeza 13. Bilirubini wakwera ndi 4 m'maola 6, kutanthauza kupitirira 0.5 pa ola, womwe ndi muyeso wosonyeza kuti kuphwanyika kwa maselo n'kwachangu. Ngati zipitirira chonchi, maola ena 6 akamatha adzakhala pa 17. Dokotala apa amaonjezera magetsi, ena pamwamba ena pansi kapena m'mbali, amaonetsetsa kuti mwana akuyamwa, ndipo amayamba kufunsa ngati magazi osinthira a m'thupi la mwana alipo, kapena kukonza zotumiza mwanayo ku chipatala chachikulu adakali bwino. Ana ambiri a ABO pa siteji imeneyi amamva magetsi: nambala imaima, kenako imayamba kutsika, ndipo patatha masiku awiri kapena atatu magetsi amazimitsidwa. Akazimitsa amayezanso patapita maola 12 mpaka 24, chifukwa asilikali a mayi akadali m'magazi ndipo bilirubini amatha kukweranso. Malabu ena amalemba zotsatira mu µmol/L. Mukachulukitsa nambala ya mg/dL ndi 17 mumapeza inayo, choncho 13 ndi pafupifupi 220.

Mwana yemweyu akanakhala wachitatu wa mayi wa negetivu amene sanalandirepo anti-D, nkhani ikanakhala ina. Akanatha kubadwa wotuwa chifukwa chochepa magazi, chiwindi ndi kapamba zitatupa, ndipo magazi osinthira akanayenera kukonzedwa iye asanabadwe.

Njira zothandizira ndi malire ake

Njira yoyamba ndi kuyamwitsa pafupipafupi n'kumayang'anira. Bilirubini amatuluka m'chimbudzi, ndiye mwana woyamwa ka 8 mpaka 12 pa tsiku amamutaya msanga kuposa wogona ndi njala. Njirayi ndi yokwanira kwa mwana amene chikasu chake chayamba tsiku lachitatu, wayezedwa, ndipo nambala ili pansi pa muyeso. Kwa mwana wa chitsanzo chathu ndi yothandizira chabe. Madzi a shuga, madzi wamba kapena mankhwala azitsamba omwetsa satsitsa bilirubini, ndipo amadzaza kamimba kamene kamayenera kulandira mkaka. Palibenso chifukwa chosiyira bere poopa kuti mkaka wa mayi uli ndi asilikali aja. Amene akuvutitsa mwana analowa kudzera pa nsengwa asanabadwe.

Kuothetsa mwana dzuwa ndi kumene anthu ambiri amathamangira, ndipo maganizowo sanachoke patali ndi choonadi. Chithandizo cha magetsi chinayambira ku Rochford, ku England, m'zaka za m'ma 1950, namwino wina dzina lake Jean Ward ataona kuti khungu la makanda amene ankawatulutsa padzuwa linkayera. Koma dzuwa la pakhomo silingayezedwe mphamvu. Mphindi zochepa za m'mawa sizikwanira, pamene maola ambiri amapsereza khungu, kutenthetsa thupi ndi kuumitsa madzi, ndipo usiku wonse bilirubini amakwera popanda chomuletsa. Ku Lagos, ku Nigeria, anayesa kugoneka makanda pansi pa denga la pepala lapadera losefa kuwala koipa, ndipo zinathandiza pa chikasu chosakwera kwambiri. Kumeneko kunali kuchipatala, anamwino akuyeza kutentha kwa thupi pafupipafupi. Kwa mwana amene maselo ake akuphwanyika, kuopsa kwenikweni kwa dzuwa ndi masiku awiri amene banja limataya likudikira kuti lione ngati lithandiza.

Magetsi a buluu ndiwo chithandizo chenicheni cha ana ambiri a ABO. Kuwalako kumasintha bilirubini wa pakhungu kukhala wosungunuka m'madzi, kuti atuluke mu mkodzo ndi m'chimbudzi osadikira chiwindi. Kwa mwana wathanzi wokwana masiku, muyeso woyambira ndi pafupifupi 15 mg/dL pa tsiku lachiwiri ndi 18 pa lachitatu. Kwa wobadwa masiku asanakwane, wodwala, kapena amene maselo ake akuphwanyika, amayamba pa nambala yotsikirapo. Magetsi amagwira pa khungu limene akuliwalira lokha, ndipo apa ndi pamene zinthu zimalakwika kawirikawiri. Agogo akaona mdzukulu ali maliseche amamva chisoni n'kumufunditsa chitenje, kapena mayi amamutenga kukayamwitsa n'kukhala naye maola awiri. Mwana ayenera kukhala ndi thewera laling'ono ndi chophimba m'maso basi, ndipo akayamwa abwerere msanga. Mababu akale amatha kuoneka owala koma mphamvu itatha, ndipo magetsi akazima usiku popanda jenereta chithandizo chimaima. Ngati nambala sikutsika, zinthu zimenezi ndizo zoyamba kufufuza. Chimbudzi chofewa chobiriwira ndi timatuza pang'ono pakhungu zimachitika ndipo zimatha zokha. Chimene magetsi sangachite ndi kuchotsa asilikali a mayi kapena kubwezera magazi amene atha.

Pali mankhwala a m'diripi otchedwa IVIG, amene amaperekedwa magalamu 0.5 mpaka 1 pa kilogalamu iliyonse ya mwana pofuna kuchedwetsa kuphwanyika kwa maselo. Ndi odula, sapezeka m'zipatala zambiri, ndipo kafukufuku wabwino sanasonyeze momveka kuti amachepetsa kufunika kosintha magazi. M'maganizo anga, banja lisagulitse katundu chifukwa cha mankhwalawa ngati magetsi abwino alipo.

Njira yomaliza ndi kusintha magazi. Dokotala amalowetsa kapaipi mu mtsempha wa pamchombo, n'kumatulutsa magazi a mwana pang'onopang'ono akulowetsa ena, mpaka atasintha muyeso wowirikiza kawiri magazi onse a m'thupi lake. Muyesowu ndi pafupifupi mamililita 160 pa kilogalamu, ndiye mwana wathu wa makilogalamu 3 angafune mamililita 480. Njirayi imachotsa bilirubini, asilikali ndi maselo ogwidwa nthawi imodzi, ndipo ndi yokhayo imene ingathandize msanga mwana amene wayamba kuonetsa zizindikiro za ubongo. Ili ndi ngozi zake, monga matenda olowera pa kapaipi, kusokonekera kwa mchere wa m'magazi ndi kugunda kwa mtima, choncho imachitikira m'zipatala zazikulu zokhala ndi nazale ngati ya Chatinkha ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Magazi ake amasankhidwa motengera vuto. Pa ABO amagwiritsa ntchito a gulu la O ngakhale mwana ndi wa B, kuti asilikali otsala asawaphwanye. Pa Rh amafunika a negetivu. Magazi a bambo, amene achibale amawaganizira poyamba, ndi osayenera pa mavuto onse awiri, popeza chizindikiro chimene chikumenyedwacho mwana anachitenga kwa iwo. Ana a Rh ndi amene amafika pa njirayi kawirikawiri. A ABO ndi ochepa, ndipo ambiri mwa iwo amakhala amene anabwera mochedwa.

Zizindikiro za ubongo zimayamba mwakachetechete. Mwana amagona kwambiri, amavuta kudzutsa, amayamwa mofooka, ndipo anthu amamuyamikira kuti ndi wofatsa. Kenako amalira mokuwa ndi mawu osongoka, amapindira khosi ndi msana kumbuyo, amatentha thupi kapena kukomoka. Wopulumuka pa siteji imeneyi akhoza kutsala wogontha, kapena wolephera kulamulira manja ndi miyendo moyo wake wonse.

Mwana akatuluka, ndi mimba yotsatira

Asilikali a mayi amakhala m'thupi la mwana kwa masabata angapo, ndipo amapitiriza kuphwanya maselo pang'onopang'ono chikasu chitatha. Pakati pa masabata awiri ndi asanu ndi limodzi mwana akhoza kutuwa m'zikhatho ndi m'maso, kupuma mwachangu kapena kutopa poyamwa. Zimenezi zimachitika kwambiri pa Rh, koma wa ABO amene anaunikidwa ndi magetsi nayenso ndi bwino kumuyeza kuchuluka kwa magazi pa nthawiyi. Chikasu chopitirira sabata ziwiri, makamaka chimbudzi chikakhala chotuwa ngati dothi loyera ndipo mkodzo uli wakuda, chikhoza kukhala vuto lina la njira ya ndulu lofuna dokotala msanga, limene magetsi salithandiza.

Pa mimba yotsatira, mayi wa negetivu ayenera kuyezedwa asilikali koyambirira kwa sikelo. Ngati alibe, akonzekere anti-D. Ngati alipo, mimbayo iziyang'aniridwa ndi sikani ku chipatala chachikulu ndipo akaberekere komweko. Mayi wa O pozitivu safuna mankhwala aliwonse ali woyembekezera, ndipo kuyeza asilikali ake sikulosera bwino mmene mwana adzadwalire. Vuto lake silikula ndi mimba iliyonse ngati la Rh, ngakhale kuti mwana wobadwa pambuyo pa m'bale wake amene anaunikidwa amakhala pa chiopsezo chokulirapo. Chofunika ndi chakuti gulu la magazi ndi mbiri ya mwana woyamba zilembedwe m'bukhu la kusikelo, ndipo mayi auze azamba akangofika kuti mwana wake wina anadwala chikasu tsiku loyamba. Akaberekere kumene kuli magetsi a buluu ndi labu yoyeza bilirubini, apemphe kuti mwana ayezedwe gulu ndi bilirubini asanatuluke, ndipo ngati atulutsidwa maola 48 asanakwane, abwerere kukayezetsa mawa lake kapena mkuja ngakhale mwana akuoneka bwino.